Mawilo obwerera m'mbuyo

Dzulo pa Kamwala ndinajambula minibasi ikuthamanga, koma pa vidiyo mawilo akuoneka ngati akubwerera m'mbuyo. Abale, foni sinaonongeke ayi. Imajambula zithunzi 30 pa sekondi. Wilo likazungulira ka 29 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimalipeza litatsala pang'ono kumaliza kuzungulira, ndiye diso limaona likubwerera kamodzi pa sekondi.

Chithunzi chilichonse chili ngati kuyeza wilolo kamodzi. Lamulo la akatswiri a sayansi Nyquist ndi Shannon likuti: yeza mwaliwiro loposa kawiri la chimene ukuyezacho. N'chifukwa chake CD imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi, poti khutu limalekezera pa mawu onjenjemera pafupifupi ka 20,000 pa sekondi. Chimandiwawa n'chakuti ukayeza mwaliwiro lochepa, bodza ngati la mawilo lija limalowa ngati zoona, sungalichotsenso. Sefa mawu okwera kwambiri usanayeze.