Kalata yodandaula magetsi atandiwoletsera nkhuku

Ndimagulitsa nkhuku, masoseji ndi nsomba, ndipo mafiliji anga awiri ndiwo bizinesi yonse. Mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, magetsi a mzere wathu ankangozimazima pomwe tsidya la msewu akuyaka. Nkhuku 70, masoseji makilogalamu 25 ndi nsomba zinawola.

Musanalembe kalata ku kampani ya magetsi, dziwani kaye mtundu wa kuzimako. Kuzima kwa ndondomeko yomwe analengeza, akuyankhani kuti anakuchenjezani. Kwathu linali vuto la pa thiransifoma. Mababu ankayaka mofiira, filiji ikungolira osazizira, kenako zii. Filiji youmitsa katundu ikakhala yodzaza, mukapanda kuitsekula, imasunga kuzizira pafupifupi masiku awiri, koma magetsi obwera ola limodzi n'kuchokanso saipatsa mpata woumitsanso katundu. Mfundo imeneyi ndinailemba m'kalatamo.

Mukaimba foni kunena za vuto, funsani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Popanda nambalayo, kwa iwo simunanenepo kanthu.

Kalatayo inali tsamba limodzi: nambala ya mita, malo a shopu, masiku ndi maola omwe magetsi anazima, manambala a madandaulo aja, katundu wowonongeka ndi ndalama zomwe ndikufuna. Ndinawerengera mtengo wopikulira, osati wogulitsira, chifukwa ndi umene malisiti amachitira umboni. Ndinaphatikizapo makope a malisiti ndi zithunzi. Komanso musathamangire kukwirira nyama. Itanani a zaumoyo a kukhonsolo aione, alembe kuti siyoyenera kudyedwa. Amene anabwera kwanga anachita kutseka mphuno ndi mpango, madzi amagazi ali thapsa pansi pa filiji.

Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi ofesi yolandirira makasitomala. Ndinapita kukafunsa pomwe nkhani yafika, shopu nditatseka m'mawa. Pawindo loyamba anati za chipukutamisozi si zawo. Kuchipinda komwe ananditumiza, mwini wake anali kumsonkhano. Ndinakhala pabenchi mpaka nkhomaliro itadutsa. Atabwera anasanthula mafayilo, n'kunena kuti, "Mayi, kalata yanu sinafike kuno." Katundu wandiwolera, ngongole ya wondipikulitsa nkhuku ikundidikira, tsikunso lamalonda lapita! Ndinatulutsa kope langa lokhala ndi chidindo chawo, tsiku ndi siginecha ya amene analandira. Mpamene anayamba kulankhula bwino.

Choncho pokapereka kalata tengani makope awiri, limodzi adinde mubwerere nalo. Malisiti enieni musawasiye kumeneko.

M'kalata yachiwiri ndinawapatsa masiku 14, ndi kunena kuti akapanda kuyankha ndikadandaula ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu lomwe limalandira madandaulo otere. Amisiri anabwera, anapeza waya wolowa mu thiransifoma utapsa polumikizira. Za nkhuku avomera kuziunika chifukwa malisiti alipo. Za nsomba akana, poti ogulitsa kunyanja sapereka lisiti. Pano ndimawasainitsa m'kope langa.

Chidindo chija musachiiwale.