Zimene ndaphunzira pa mbewu ya munda wa amayi ku Balaka

Chaka chatha ndinatumiza ndalama kumudzi ndi mawu amodzi okha: mugule mbewu yobereka kwambiri. Mchemwali wanga anachita zimene ndinanena, anagula haibulidi yochedwa kucha. Chimanga chinakula mosiririka, mapesi kutalika kupitirira munthu, koma pokolola amayi anapeza zitsononkho za magweru, zina zopanda ndi njere yomwe. Wolakwa ndinali ine. Ndinasankha mbewu ndili m'chipinda ku Rosettenville, kuno ku Joni, osafunsa kuti mvula ya kwathu imakhala masiku angati.

Miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi madzulo ndikaweruka. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndimakhalanso pansi ndi bambo ena achikulire amene anali alangizi a zaulimi kumudzi asanabwere kuno ku Joni. Tsiku loyamba nditawafotokozera, sanafunse dzina la mbewu. Anati, "Mwana wanga, mayi ako amadzala liti, ndipo mvula yomaliza imagwa liti? Werenga masiku amenewo, kenako tikambirane."

Ndinawaimbira amayi. Iwo salemba m'buku, koma amakumbukira bwino. Anati zaka zambiri mvula yodzalira imabwera chapakati pa Disembala, ndipo pofika pakati pa Malichi imakhala itadukiza. Amenewo ndi masiku pafupifupi 90. Anawonjezanso kuti kawirikawiri pamakhala ng'amba ya sabata ziwiri kapena zitatu, nthawi zina mu Januwale, nthawi zina mu Febuluwale.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene chinapha chimanga chathu. Chimanga chikadali chaching'ono chimapirira dzuwa. Masamba amapotana masana, mvula ikabwera chimatsitsimuka. Nthawi yoopsa ndi pamene chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Ngayaye imawaza mungu kwa masiku ochepa, pafupifupi sabata imodzi. Ndevu iliyonse ndi njira ya njere imodzi, ndipo ikapanda kulandira mungu, malo a njereyo amakhala opanda kanthu. Nthaka ikauma, ngayaye imatulukabe pa nthawi yake koma ndevu zimachedwa, ndiye zikamatuluka mungu watha kale. Magweru aja amachokera pamenepo. Mvula ikagwa pambuyo pake, ngakhale yochuluka bwanji, singabwezeretse njere zimenezo.

Tinatenga pepala n'kuwerengera. Kumalo otentha ngati Balaka, mbewu yocha msanga imamasula patatha masiku 50 mpaka 55 chidzalireni. Ikadzalidwa pa 15 Disembala, imamasula kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo imatsala ndi sabata zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mvula zoti njere zikhwime. Yochedwa kucha imamasula cha pa masiku 65 mpaka 70, kumapeto kwa Febuluwale, ndipo imafunabe chinyezi mpaka mu Epulo. Kwa amayi mvula ya Epulo ndi yamwayi chabe. Mbewu imene ija ikanachita bwino ku Dedza kapena ku Mchinji, kumene mvula imakhalitsa. Sinali yoipa, inangopita kolakwika.

Chinandithandiza kuwerenga mapaketi ndi kudziwa kuti manambala ena ali ndi tanthauzo. Pa mbewu za Seed Co, nambala yoyamba ikakhala yaying'ono ndiye kuti mbewuyo imacha msanga. SC 403, imene tonse timaidziwa kuti Kanyani, ndi yocha msanga. SC 627, Mkango, ili pakatikati. SC 719, Njobvu, ndi yochedwa ndipo imabereka kwambiri kumene mvula ndi feteleza zili zokwanira. Palinso mbewu zomwe si haibulidi, monga ZM 309 ndi ZM 523, zimene zinapangidwa kuti zizipirira chilala. Zimenezi mlimi angathe kusunga n'kudzalanso kwa zaka ziwiri kapena zitatu, pamene haibulidi ukaibwereza zokolola zimatsika. Koma masiku olembedwa pa paketi si lamulo. Chimanga chimakula motsatira kutentha, choncho mbewu imodzimodziyo imacha msanga ku Balaka n'kuchedwerapo kumapiri kozizira.

Za nthaka ndinkaziona ngati nkhani ya feteleza basi. Alangizi aja anandikonza: nthaka ndi mtsuko wosungira mvula. Munda wa amayi uli pawiri. Kumtunda ndi mchenga, kumunsi chakudambo ndi makande. Ndinamuuza mchemwali wanga kuti atape dothi mbali zonse ziwiri, alinyowetse pang'ono n'kulipota m'manja ngati akupanga chingwe. La kumtunda linangoyoyoka. La kumunsi linapoteka mpaka kupindika osathyoka. Mchenga umataya madzi msanga, moti ng'amba ya sabata imodzi chimanga chimayamba kale kufota, komanso feteleza wobereketsa amatsukika mvula ikachuluka. Makande amasunga chinyezi kwa nthawi yotalikirapo mvula itasiya, ngakhale kuti chaka cha mvula yambiri madzi amadikha, chimanga n'kusanduka chachikasu. Ndiye kuti m'munda umodzi womwewo, nyengo ya kumtunda ndi yaifupi kuposa ya kumunsi.

Pali chinthu china chimene ife a kuno timakonda kuchita, ndipo inenso chinandiyesa: kugula mbewu m'masitolo a kuno n'kuikweza basi pamodzi ndi katundu wina. Timaona minda ikuluikulu ya ku Free State ndi Mpumalanga n'kuganiza kuti chinsinsi chili mu mbewu. Ine ndasiya maganizo amenewo. Joni ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, kozizira usiku, ndipo mbewu zambiri za kuno anazipangira nyengo yotereyi ndi ulimi wa mathirakitala. Zambirinso ndi zija zosinthidwa chibadwa, ndipo mbewu siiloledwa kudutsa malire popanda chilolezo. Komanso amayi amafuna chimanga cholimba njere, chokonoka bwino mumtondo osafumbutuka, chimene anankafumbwe sachilowa msanga. Zimenezo pa paketi ya kuno sungazipeze. Ndi bwino kutumiza ndalama.

Koma ndalama nazo zimatha kugula chinyengo. Nthawi yodzala m'misika mumapezeka chimanga wamba chopakidwa utoto n'kuikidwa m'mapaketi ooneka ngati enieni. Ndamuuza mchemwali wanga kuti agule kwa wogulitsa wovomerezeka, aone kuti paketi ndi yomata bwino, ili ndi chizindikiro chosonyeza kuti mbewuyo inayesedwa ndi nambala ya gulu lake, ndipo asunge lisiti ndi paketiyo mpaka kukolola. Akafika nayo kunyumba, awerenge njere 100, azikulunge m'chiguduli chonyowa, aziike pamthunzi n'kumawaza madzi. Pakatha sabata awerenge zimene zamera. Zikafika 90 kapena kuposa, mbewuyo ili bwino. Zikachepera 80, abwerere nayo mvula isanagwe. Kuyesaku kumangoonetsa kuti mbewu ndi yamoyo, sikunena ngati ndi mtundu weniweni. Za mtundu zimadalira kumene wagula.

Munda wonse ndi ekala imodzi, ndiye pafunika makilogalamu 10, podzala njere imodzi paphando, masentimita 25 kuchoka phando lina, m'mizere yotalikirana masentimita 75. Tagwirizana kuti makilogalamu 6 akhale a mbewu yocha msanga, ipite kumchenga, ndipo 4 akhale a yapakatikati, ipite kumakande. Zikamasula nthawi zosiyana, pali mwayi woti ng'amba imodzi isagunde zonse pa nthawi yake yoopsa.

Amayi anamvetsera zonsezi mpaka kumapeto, kenako anati mizere isanu ya m'mphepete asiya ya chimanga chawo chamakolo, ndipo pamenepo palibe zokambirana. Ndinavomera. Ndangopempha mchemwali wanga kuti chaka chino agule kope, azilemba tsiku lililonse limene mvula yagwa, tsiku lodzala, ndi tsiku limene mbali iliyonse ya munda yamasula.