Batala wa mu Julaye anatichititsa manyazi ku bekale

Lolemba ndinafika kuntchito 5 koloko m'mawa zala zitachita kuuma, kuzizira kwa ku Joni mu Julaye mukukudziwa kale. Tinali ndi oda ya makeke 12 a vanila, ndiye zomenya batala ndi shuga ndinamusiyira mnyamata wina wa kwathu ku Mangochi amene wangoyamba kumene. Batala anali gwa ngati njerwa, iyeyo osandifunsa anangomuponya mu maikolowevu mpaka theka kusungunuka. Makeke atatuluka mu uvuni anali afupi, olemera, kudula chonchi pansi pali mzere wonyowa wa mafuta ngati chigumu chosapsa. Abwana sanayankhule, anangotenga kachidutswa nkukaika patsogolo panga basi.

Lachiwiri mphwangayo anati akonze yekha, batala wasungunulanso koma waonjezera bekingipauda, akuti "achimwene dzulo sizinafufume chifukwa pauda anachepa". Keke inakwera bwinobwino mu uvuni kenako pakati fwaa, chidzenje.

Ndiye ndinamukhazika pansi. Ndinati mphwanga, pauda ntchito yake ndi kufufumitsa timabowo ta mpweya timene tilimo kale mu zosakanizazo, timabowoto ndiwe umatipanga pomenya batala ndi shuga. Timiyala ta shuga tili ndi m'mbali mwakuthwa, mikisa ikamazungulira timacheka batala nkusiyamo timatumba ta mpweya tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo batala amatigwira chifukwa ndi wolimbako. Mu uvuni mpweya wa pauda ndi nthunzi zimalowa m'timatumba tomweto nkutikulitsa, kenako mazira ndi fulawa zimauma mozungulira, ndi zimene umaona ukadula keke zija. Timatumba tikachuluka tili ting'onoting'ono, mkati mumakhala mofewa, mosalala. Tikachepa, mpweya wonse umathamangira mabowo ochepa omwewo, amakula mpaka kuphulika. Batala wosungunuka ndi mafuta chabe, shuga amangosambiramo, palibe chogwira mpweya. Wozizira kwambirinso ndi vuto lina, amangozungulira m'mbale ngati chibuma.

Komanso kuno tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wakunja supanikiza kwambiri ndiye timabowo timakula msanga kuposa ku Durban kapena Cape Town. Kuonjezera pauda ku Joni ndi kudzipha wekha, ine resipi za kunyanja ndimachita kuchepetsako pang'ono.

Lachitatu tinapanga limodzi. Batala magalamu 250 tinamudula timabokosi nkumusiya pa shelefu chapatali ndi uvuni mpaka anafika madigiri 18 mpaka 20, ngati mulibe choyezera mungodina ndi chala, chilowe pang'ono koma chisatuluke chonyezimira mafuta. Shuga magalamu 250, wa kasita, wa timiyala ting'onoting'ono uja. Shuga wamba wa tiyi amatheka koma timiyala take ndi tikulutikulu, mabowo amakhalanso akulu, pomwe aisingi shuga ndi ufa weniweni sacheka kanthu. Mikisa pa liwiro lapakati mphindi 5, tinaimitsa kawiri kupala m'mbali ndi pansi, chifukwa batala wokakamira pansi osamenyedwa uja ndi amene amadzakupatsa mizere mu keke. Chizindikiro ndi mtundu, chikasu chija chimayera kukhala ngati kirimu, zimachuluka m'mbale, ndipo ukapaka pa chala shuga amamvekabe pang'ono, asakunamizeni kuti mpaka asungunuke yense.

Mazira 5, limodzi limodzi, osati ochokera mu firiji. Apa ndi pomwe anthu amataya ntchito yonse, dzira ndi madzi ambiri ndipo mukathira onse nthawi imodzi kapena ozizira, batala amalimba nkulekana nawo, zimaoneka ngati chambiko ndipo mpweya wina umathawa. Zikayamba kutero ife timathira supuni imodzi ya fulawa, zimagwirananso. Fulawa nayonso magalamu 250, yosefa pamodzi ndi pauda, tinasakaniza ndi dzanja mpaka kuyera kwa fulawayo kuthe basi, mukapitiriza keke imalimba nkukhala ndi mabowo ataliatali ngati njira za chiswe. Uvuni madigiri 180. Inatuluka yokwera mofanana, mkati ngati siponji, mphwangayo mpaka anajambula kutumiza kwa mayi ake.

Lachisanu anandionetsanso china, anasiya mikisa ikuthamanga pa liwiro lalikulu kwa mphindi zoposa 15 ali pa foni. Mbale inafunda, batala anafewa nkuyamba kunyezimira, zimene zinali zitakwera zija zinaphwa. Mtanda umenewo sitinataye ayi, batala wadula masiku ano, tinauika mu firiji mphindi 10 nkumenyanso pang'ono, nkupangira makapukeke. Sanafike ngati a Lachitatu koma anagulidwa onse isanakwane 2 koloko. Foni yake pano imakhala mu lokala mpaka nthawi ya nkhomaliro.