Lachitatu: phatikizo limodzi lowonjezera mu ndakatulo ya mwera

Lero ndadzuka mwera ukuwomba kwambiri kuno ku Makawa, moti mabwato ambiri sanalowe m'madzi usiku wathawu, ndipo ine ndakhala tsiku lonse ndi mzere umodzi wa ndakatulo imene ndikulembera mwana wa mlongo wanga kuti akalakatule potsekera sukulu. Ndinadziikira lamulo lakuti mzere uliwonse ukhale ndi maphatikizo 8, komanso kuti mizere ithere ndi mawu omveka mofanana, chifukwa mwanayo akufuna kulakatula anzake akumuwombera m'manja. Dzulo ndinagona ndikuganiza kuti ndime yoyamba yatha, ndipo inali motere:

Mwera wawomba panyanja,
Nkhafi yalemera m'manja,
Nsomba zasowa pansanja,
Njala yagona pabanja.

M'mawa, tisanamwe tiyi, mwanayo anaima pakhonde n'kuyamba kulakatula akuwomba m'manja pa phatikizo lililonse. Atafika pa mzere wachiwiri anapunthwa, anabwereza, anapunthwanso pa malo omwewo, kenako anati, "Amalume, apa pali mawu otsala, manja anga akutha mzere usanathe." Ndinawerenga ndi zala ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Mzere woyamba umayenda motere: mwe-ra wa-wo-mba pa-nya-nja, maphatikizo 8. Wachiwiri umayenda motere: nkha-fi ya-le-me-ra m-ma-nja, maphatikizo 9. Polemba usiku ndinawerenga "m'manja" ngati maphatikizo 2, pamene mawuwa ali ndi maphatikizo 3, chifukwa m woyambayo amaima payekha. Iye ndi "mu" amene wataya u wake polemba, koma polankhula nthawi yake sinatayike, ndipo pakamwa pamatsekeka kanthawi tisanafike pa "ma".

Nkhani ya m ameneyu ndiyo imasokoneza ambiri a ife powerenga maphatikizo, pakuti si m aliyense woyamba mawu amene amaima payekha. "Mbale" yodyera nsima ili ndi maphatikizo 2, koma "m'bale" wobadwa naye ali ndi 3. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndikakayika ndi kuchulukitsa dzinalo. "Mphika" akachuluka timati "miphika", ndipo zimenezi zikuonetsa kuti m uja ndi phatikizo lapadera limene limasintha, kotero m-phi-ka ndi 3. "Mphepo" ngakhale zichuluke zimakhalabe "mphepo", kotero mphe-po ndi 2. N'chifukwa chake sindingachotse "mwera" n'kuikapo "mpoto" mu mzere woyamba, ngakhale kuti zonsezi ndi mphepo za panyanja ndipo zimaoneka zofanana kutalika papepala: mwe-ra ndi 2, m-po-to ndi 3.

Vuto linadziwika, koma kulikonza ndiko kunanditengera tsiku. "M'manja" sindikanawachotsa, chifukwa ndiwo akugwirizana ndi "panyanja" ndi "pabanja". M'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo otere alipo 5 okha, komanso aneni ambiri amathera ndi a, kotero kufananitsa phatikizo lomaliza lokha sikumveka ngati luso m'khutu. Chimene khutu limagwira ndi maphatikizo awiri omaliza, popeza liwu limakoka pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, makamaka pothera mzere. Mawu othera ndi "-anja" ndi ochepa: nyanja, banja, dzanja, manja, nsanja. Choncho chofunika kusintha chinali mneni "yalemera", kuti achoke pa maphatikizo 4 afike pa 3.

Ndinayamba ndi njira yapafupi, kudula mneniyo kuti akhale "yalema". Chiwerengero chinakwana, koma kulema ndi kutopa, ndipo kulemera ndi nkhani ina; nkhafi sitopa, amatopa ndi munthu woigwira. Kenako ndinalemba "Nkhafi yathyoka m'manja", mzere umene ndinaukonda pakumveka kwake ndipo uli ndi maphatikizo 8 enieni. Ndinaufufuta nditauganizira bwino, chifukwa nkhafi ikathyoka pakati pa mwera ndiye kuti msodziyo ali pangozi ya moyo, ndipo omvera akanayembekezera maliro mu ndime yachiwiri. Ndakatulo yangayi ikunena za banja limene lagona ndi njala usiku umodzi, bambo atabwerako wamoyo koma wopanda nsomba. Mawu amodzi akanasintha nkhani yonse chifukwa chongofuna kupulumutsa phatikizo limodzi.

Cha m'ma 10 koloko ndinapeza njira ina imene ndinaiona ngati yothetsa zonse: kusiya mneni wa maphatikizo 4, koma kuchotsa m wovuta uja. Ndinalemba "Nkhafi yatopetsa manja", ndiye kuti nkha-fi ya-to-pe-tsa ma-nja, maphatikizo 8, tanthauzo loona, ndiponso mathero ogwirizana ndi anzake. Mwanayo atabwera kuchokera kusukulu ndinamupatsa kuti ayese, ndipo manja ake anatha limodzi ndi mzere, koma nkhope yake sinasangalale. Anati mzerewo ukutsimphina. Ndinaulakatula ndekha pang'onopang'ono motsatizana ndi woyamba, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene sindinachione pamene ndinkalemba. Mizere ina itatu ija ili ndi mawu atatuatatu, oyamba a maphatikizo 2, achiwiri a 3, achitatu a 3. Popeza polakatula mwachifatse mawu aliwonse amalemera pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, kulemerako kumagwera pa phatikizo loyamba, lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri: pa "mwe", pa "wo" ndi pa "nya", pa "nja", pa "go" ndi pa "ba". Pakati pa kulemera kulikonse pali maphatikizo awiri opepuka, ngati mmene munthu amapalasira bwato, kumiza nkhafi kamodzi n'kulola bwato liyende. Mu "Nkhafi yatopetsa manja" kulemera kwachiwiri kukugwera pa "pe", phatikizo lachisanu, kotero kukuchedwa, ndipo kwachitatu kukubwera msanga. Chiwerengero ndi chimodzimodzi, koma mayendedwe ndi osiyana. Ndinadziwa tsopano kuti ndikufuna mneni wa maphatikizo 3 basi, ndipo "m'manja" akhale momwe alili.

Madzulo ndinatsikira kudoko ndi pepala langa m'thumba. Mafunde anali akumenyabe mchenga, ndipo pansi pa mtengo panali agogo ena amene anasiya usodzi kalekale, akusoka ukonde wa mdzukulu wawo. Nditawapatsa moni ndinawawerengera ndime ija momwe inalili dzulo, ndipo ndinawafunsa kuti, "Agogo, inu amene munapalasapo bwato pa mwera, kodi nkhafi imatani m'manja?" Anaika chingwe pansi n'kutambasula zikhatho zawo, zimene zili ndi khungu lokhuthala m'munsi mwa zala, ndipo anati, "Aphunzitsi, nkhafi silemera. Cholemera ndi bwato likamwa madzi. Nkhafi imatentha. Thupi lonse limazizidwa ndi mphepo, koma m'manja muno mumakhala moto, ndipo kukacha mumapeza matuza."

Ndinawerenga pomwepo: nkha-fi ya-te-ntha m-ma-nja. Maphatikizo 8, mawu a 2, a 3 ndi a 3, kulemera pa "nkha", pa "te" ndi pa "ma". Chimene chinandikondweretsa koposa ndi chakuti mneni ameneyu akunena zoona kuposa amene ndinayamba naye, ndiponso akuika moto pafupi ndi mwera, mphepo ya nyengo yozizira, zimene "yalemera" sakanachita. Ndinaganizirakonso "yawawa", amenenso ali ndi maphatikizo 3, koma kuwawa kumanenedwa pa chilichonse, dzino, mutu ngakhale mawu, pamene kutentha kwa nkhafi kumadziwika ndi munthu amene anaigwira.

Agogowo sanathere pomwepo. Anandiuza kuti ndibwereze mzere wachitatu, ndipo nditanena kuti "Nsomba zasowa pansanja" anapukusa mutu. Anandilozera mathandala amene ali m'mbali mwa doko, pamene amayi amayanika usipa, onse opanda kanthu lero, ndipo anati munthu wa kuno akamva "nsanja" saganiza za malo oyanikapo usipa, chifukwa dzina lake ndi thandala. Ndinavomera, pakuti ndinadziwa mumtima kuti "pansanja" ndinawasankha chifukwa cha "-anja" yekhayo. Mwanayo akalakatula pamaso pa makolo amene ambiri mwa iwo ndi asodzi ndi ogulitsa nsomba, ndipo mawu olowetsedwa mokakamiza angawamve msanga.

Apa panalibe mawu ena olowa m'malo amene akanasunga zonse. "Pathandala" ali ndi maphatikizo 4 ndipo sathera ndi "-anja", kotero "Nsomba zasowa pathandala" ndi 9. Ndinasankha kuti mzere wachitatu usiye kufanana ndi anzake pamathero, koma usunge chiwerengero ndi mayendedwe. Mizere itatu yofanana ikukwanira kuti khutu ligwire dongosolo, ndipo wachitatu ukapatuka, wachinayi umamveka ngati kubwerera kwawo. Ndikuyenda kubwerera kunyumba ndinayesa "Thandala lili pululu", maphatikizo 8, koma mawu ake ndi a 3, a 2 ndi a 3, ndipo kulemera koyamba kukugwera pa "nda", phatikizo lachiwiri. Ndinangotembenuza mawuwo, monga Chichewa chimalolera mwininkhani kubwera pambuyo chifukwa "li" wa mneni akumuimira kale, ndipo anakhala "Lili pululu thandala". Tsopano ndi 2, 3 ndi 3, ndiponso "thandala" ali ndi a m'maphatikizo ake onse, kotero sakutalikirana kwambiri ndi "panyanja" ndi "pabanja" ngakhale kuti sakufanana nawo kwenikweni.

Titadya chakudya chamadzulo, mwanayo anaimanso pakhonde, amayi ake atakhala pamphasa, ndipo analakatula akuwomba m'manja, ulendo uno katatu kokha pa mzere uliwonse, pa malo olemera aja:

Mwera wawomba panyanja,
Nkhafi yatentha m'manja,
Lili pululu thandala,
Njala yagona pabanja.

Anafika kumapeto osapunthwa, ndipo anabwereza kawiri. Amayi ake anangofunsa chinthu chimodzi, ngati mwanayo azinena "m'manja" momveka bwino ndi m wake, chifukwa akathamanga n'kumumeza mzerewo utsala ndi maphatikizo 7. Tagwirizana kuti azitseka milomo kanthawi pa m ameneyo asanapitirire, ndipo ndalemba kamzere pansi pake papepala lake. Ndime yachiwiri ikunena za mphepo itatembenuka, ndipo iyenera kutchula mpoto. Popeza "mpoto" ali ndi maphatikizo 3, sangayambe mzere monga anachitira "mwera", choncho ndidzamuika pakati kapena kumapeto, ndipo usiku uno ndalemba m'mphepete mwa pepala mawu a maphatikizo 2 amene angatsegule mzerewo: nyali, bwato, mwezi.