Mijigo 12 papepala, isanu ndi itatu m'midzi

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali pa lipoti lotsekera pulojekiti yathu ya mijigo ku Chikwawa. Zonse zimene tinagwirizana ndi opereka ndalama zinatheka: mijigo 12 inakumbidwa, tsiku silinapitirire, bajeti sitinapyole, makomiti tinawaphunzitsa. Abwana anali atayamba kale kukamba za mwambo wopereka mijigoyo.

Lachitatu ndinapita kukangojambula zithunzi zoika m'lipotimo. Pa mjigo woyamba sindinapeze ndowa ngakhale imodzi, simenti ili gwa, mbuzi zitagona pochapira. Mayi wina amene ankadutsa ndi chigubu pamutu anandipopera madzi pang'ono n'kundipatsa.

"Lawani, achimwene."

Mchere wokhawokha.

"Nyemba sizipsa, sopo sachita thovu. Ife tinabwerera kumtsinje," anatero.

Mijigo iwiri inali ya mchere choncho. Wachitatu tinaukumba mu Malichi madzi ali pafupi, kontirakitala n'kulekera pamene anangowapeza, ndiye pofika Okotobala uno ukungotulutsa mpweya. Wachinayi, pampu ya Afridev yabwinobwino, wakhala milungu isanu wosagwira chifukwa cha kalabala kamodzi kamene kanatha, ndipo komiti ilibe khobidi m'thumba.

Chimene chinandipweteka n'chakuti palibe analakwitsa malinga ndi pepala. Kontirakitala timamulipira pa dzenje lotuluka madzi, ndipo madzi anatulukadi. Zizindikiro zathu zonse zinkayeza ntchito yathu ifeyo, yokumba, yogula, yophunzitsa. Panalibe n'chimodzi chomwe choyeza ngati munthu akumwa. Pulojekiti imatha tsiku lodula riboni, pamene mjigo moyo wake umayamba tsiku lomwelo.

Lachinayi ndinapempha kuti gawo lachiwiri tisalambule n'komwe malo tisanalembe kuti mjigo wopambana ndi wotani. Ndinati chigubu cha malita 20 chizidzadza m'masekondi osapitirira 80, amene ndi malita 0.25 pa sekondi, ndipo tiziyeza mu Okotobala, osati m'dzinja. Mchere uziyezedwa tisanaike pampu, ndipo ukapyola muyezo dzenjelo lisawerengedwe. Mjigo ukawonongeka tiziwerenga masiku mpaka utakonzedwa. Tiziwerenganso mabanja amene akutungadi, osati kungochulukitsa mijigo ndi anthu 250 monga timachitira, ngati kuti aliyense wokhala pafupi amamwa pamenepo.

Abwana anamvetsera bwino ndithu, kenaka anati: "Ndalama yoyendera pulojekiti ikatha ichokera kuti? Ndipo opereka ndalama sanafunse zimenezo."

Sananame. Ndalama ya mafuta imatha limodzi ndi pulojekiti, ndiye chizindikiro chofuna kuyezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi chimasowa mwini. Anangovomera za mchere, poti izo zimayezedwa kontirakitala asanalipidwe.

Lachisanu lipoti linapita likunena mijigo 12. Ndime yanga yonena za inayi ija anaisunthira ku zowonjezera, tsamba 31.