Kampani yatsekedwa isanakulipireni: mmene ndimawerengera ndalama imene ingakufikeni

Wina akandibweretsera mainivoisi a kampani imene khothi lalamula kuti itsekedwe, sindiyamba ndi kufunsa kuti kampaniyo ili ndi katundu wochuluka bwanji. Ndimayamba ndi kufunsa kuti katunduyo anaikidwa chikole kwa ndani, ndipo ndi anthu angati amene lamulo limawalipira iyeyo asanafikidwe. Zimenezi zili m'lamulo la mu 2016 loona za makampani ndi anthu olephera kubweza ngongole. Kuti ziwoneke bwino ndigwiritsa ntchito chitsanzo chongoyerekeza, manambala ake ndi opeka koma kawerengedwe kake ndi kenikeni.

Tiyerekeze kampani ya ku Luchenza imene imagula nandolo kwa alimi a ku Thyolo ndi Mulanje, n'kumakonza ndi kugulitsa. Yagwa. Inu muli ndi lole, munkawanyamulira matumba, ndipo ali nanu ngongole ya K8 miliyoni.

Choyamba ndimatsimikiza kuti kampaniyo ikutsekedwadi mwalamulo, osati yangokhoma geti. Kutseka kumayamba ndi chigamulo cha Khothi Lalikulu kapena chigwirizano cha eni masheya, ndipo pamasankhidwa munthu wosonkhanitsa katundu, kugulitsa ndi kugawa ndalama, amene pantchitoyi timamutchula kuti likwideta. Dzina lake limalengezedwa m'nyuzipepala, pamodzi ndi tsiku lomaliza lotumizira zikalata za ngongole. Kuyambira pamenepo madailekitala alibenso mphamvu yolipira aliyense. Lonjezo la bwana lakuti "zanu ndikonza ndekha Lachisanu" lilibenso ntchito. Komanso khothi likalamula kutseka, mlandu wofuna ndalama suyambika kapena kupitirira popanda chilolezo cha khothilo. Ngakhale muli ndi chigamulo m'manja chimene simunatolere ndalama yake, sichikukwezani pamzere, chimangothandiza kutsimikiza kuti ngongoleyo ilipo.

Kenako ndimachotsa zimene sizili za kampani. Ngati tenti yanu yophimbira katundu inatsala m'nyumba yawo yosungiramo matumba, imeneyo si ngongole, ndi katundu wanu. Mumalembera likwideta ndi umboni, iye n'kukubwezerani. Musakatenge nokha usiku mogwirizana ndi mlonda.

Chotsatira ndi kufufuza ngati inunso muli ndi ngongole kwa iwo. M'chitsanzo chathu munatengako matumba opanda kanthu ndi dizilo pangongole, zokwana K2 miliyoni. Ngongole za mbali ziwiri zimene zinalipo kampani isanatsekedwe zimachotserana, choncho mumalembetsa K6 miliyoni. Apa mwapindula kuposa mmene zikuonekera, chifukwa K2 miliyoni imeneyo mwailandira yathunthu, pamene yotsalayo mulandirako kachigawo chabe.

Tsopano ndimatenga lipoti la katundu ndi ngongole limene likwideta amapereka kwa eni ngongole, amene kampani iyenera kuwalipira. Tinene kuti likuonetsa izi: nyumba ya fakitale ndi makina zagulitsidwa K120 miliyoni, lole ya kampani K30 miliyoni, nandolo wotsala K25 miliyoni, ndalama zotoleredwa kwa amene anali ndi ngongole kukampani K15 miliyoni, masikelo ndi mipando K4 miliyoni. Zonse pamodzi K194 miliyoni. Ngongole zonse ndi K282 miliyoni. Munthu akagawa manambala awiriwa amapeza pafupifupi 69 tambala pa kwacha iliyonse, mtima n'kukhala pansi. Kawerengedwe kameneka n'kolakwika, ndipo ndi kamene kamachititsa anthu kukongola ndalama kwina akuyembekezera cheke chimene sichidzabwera.

Oyamba kuwachotsa ndi a chikole. Amenewa kwenikweni saima pamzere umodzi ndi ena onse, amalipidwa kuchokera pa katundu amene anagwira chikoleyo. Banki inabwereketsa K150 miliyoni ndipo inagwira fakitale ndi makina. Pa K120 miliyoni ija pachoke K6 miliyoni yolipira oyesa mtengo, otsatsa ndi ogulitsa, banki itenge K114 miliyoni. Yatsala ndi K36 miliyoni yosalipidwa. Ambiri amaganiza kuti banki ikatenga fakitale ndiye kuti yathana nazo. Ayi. Pa K36 miliyoni yotsalayo banki imabwera kudzaima limodzi ndi inu ngati mwini ngongole wopanda chikole, ndipo chifukwa ngongole yake ndi yaikulu imachepetsa gawo la aliyense.

Lole ya kampani ija inagulidwa ndi ngongole ya bungwe lina, yotsala K18 miliyoni. Pa K30 miliyoni pachoke K2 miliyoni ya kugulitsa, bungwelo litenge K18 miliyoni yake, ndipo K10 miliyoni yapamwamba ilowe m'thumba la onse. Wa chikole satenga zopitirira ngongole yake, ndiponso banki ija singatambasule dzanja kudzatenga K10 miliyoniyi ngati chikole chake sichinakhudze lole.

Pano ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa ndi pamene wopanda chikole angapindule kwambiri. Chikole chiyenera kukhala cholembetsedwa bwino. Cha malo ndi nyumba chimalembetsedwa ku kaundula wa za malo, pamene cha katundu wosunthika monga makina, galimoto ndi mbewu chimalembetsedwa ku kaundula amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013 la zikole za katundu wotere. Ndimalembera likwideta kumufunsa ngati waona zikalata za chikole chilichonse, tsiku limene chinalembetsedwa, ndi katundu amene chinatchula. Tsikulo n'lofunika. Chikole chimene chinaperekedwa kampani itayamba kale kulephera kulipira, pofuna kuteteza ngongole yakale ya munthu mmodzi, likwideta angathe kuchitsutsa. Chimodzimodzinso ndalama imene inalipidwa kwa mlamu wa dailekitala patatsala pang'ono kutseka, ena onse akuuzidwa kuti kulibe. Zoterezi zikabwezedwa zimalowa m'thumba la onse. Likwideta amakhala ku ofesi ndi mabuku, koma amene amadziwa kuti makina ena anatuluka pageti Loweruka lina ndi madalaivala ndi alonda. Ngati mukudziwa kanthu, lembani tsiku, nambala ya galimoto ndi kumene katunduyo anapita, mumupatse.

Thumba la onse tsopano lili ndi K10 miliyoni ya lole, K25 miliyoni ya nandolo, K15 miliyoni yotoleredwa ndi K4 miliyoni ya masikelo, zonse K54 miliyoni. Kuchokera pa K194 miliyoni tatsika kufika apa tisanalipire wantchito ngakhale mmodzi.

M'thumbali zoyamba kutuluka ndi ndalama zoyendetsera kutsekako: malipiro a likwideta, maloya, alonda, inshulansi ya katundu, zolengeza m'nyuzipepala. Tiike K12 miliyoni, patsale K42 miliyoni. Anthu amanyansidwa nazo, koma popanda kutero palibe amene angavomere ntchitoyi. Chimene muyenera kuyang'anira ndi nthawi. Mwezi uliwonse umene fakitale ikhala yosagulitsidwa, alonda akulipidwa, makina akuchita dzimbiri, nandolo akufumbwa, ndipo zonsezi zikudya ndalama ya amene ali kumapeto kwa mzere. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kupita ku msonkhano wa eni ngongole ndi kufunsa kuti katundu agulitsidwa liti komanso malipiro a likwideta akuwerengedwa motani.

Otsatira ndi ogwira ntchito, koma osati pa chilichonse chimene kampani ili nawo ngongole. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaika patsogolo malipiro, ovataimu ndi komishoni za milungu 12 yomaliza kampani isanatsekedwe, ndalama ya tchuthi ya zaka ziwiri zomaliza, ndalama ya masiku ena olipidwa osagwira ntchito ya miyezi itatu yomaliza, ndiponso sevelansi ndi zina zolipidwa ntchito ikatha. M'chitsanzo chathu zimenezi zakwana K20 miliyoni, ndipo zilipidwa zonse, patsale K22 miliyoni. Koma antchitowa anakhala miyezi isanu osalandira. Malipiro a milungu ya m'mbuyo kupitirira 12 ija, K4 miliyoni, amatsikira kwa opanda chikole. Wantchito mmodzi yemweyo amapezeka m'magulu awiri, ndipo ndikamathandiza wantchito kulemba chikalata chake ndimagawa ndalamazo pawiri ndi masiku ake, kuti likwideta asachite kuganizira yekha.

Alimi ogulitsa nandolo ndi onyamula katundu ngati inu sali m'gulu limeneli, ngakhale atagwira ndi kampaniyo zaka khumi. Amene amatumiza inivoisi ndi wamalonda, si wantchito.

Kenako msonkho wa boma wopita ku MRA. Tiike K10 miliyoni, patsale K12 miliyoni. Gulu lililonse limalipidwa lonse lotsatira lisanalandire kanthu, ndipo ndalama ikathera pakati pa gulu, a m'gululo amagawana molingana ndi kukula kwa ngongole zawo, otsatirawo n'kubwerera chimanjamanja.

Tafika kwa inu. Opanda chikole ndi awa: alimi, onyamula katundu ndi ogulitsa zipangizo K80 miliyoni (K6 miliyoni yanu ili momwemu), banki K36 miliyoni, malipiro akale a antchito K4 miliyoni. Zonse K120 miliyoni, ndalama yoti agawane K12 miliyoni. Aliyense alandira 10 tambala pa kwacha. Inu mulandira K600,000. Mlimi wa ku Thekerani amene anapereka nandolo wa K300,000 alandira K30,000. M'gulu limeneli mulibe kuti ngongole yanga ndi yakale, kapena ndinayamba kulembetsa ndine. Eni masheya salandira kanthu, popeza iwo amafikidwa pokhapokha ngongole zonse zitalipidwa zathunthu.

Ndikapeza nambala imeneyi ndi pamene ndimaona kuti n'koyenera kuwononga zingati poitsata. Loya wa K1 miliyoni pa ndalama yoyembekezeka ya K600,000 n'kutaya kawiri. Koma chikalata chotsimikiza ngongole chokha musachisiye, chifukwa amene sanalembetse sawerengedwa pogawa. Fomu yake imachokera kwa likwideta. Ndimalembapo dzina lenileni la kampani monga linalembetsedwera (osati dzina la pachikwangwani, makamaka ngati mwini wake ali ndi makampani angapo), kuchuluka kwa ngongole pa tsiku lotsekera, mmene inayambira, zimene zachotseredwa, ndi mawu oti ndilibe chikole. Ndimaphatikizapo makope a mainivoisi, zikalata zosonyeza kuti katundu anafika zosainidwa ndi wolandira, matikiti a pasikelo, ndi kalata kapena uthenga uliwonse umene kampani inavomerezamo ngongoleyo. Zikalata zenizeni zimatsala kwa mwini wake, ndipo kope imodzi ya fomu imadindidwa tsiku loperekera.

Zikalata zambiri zimakanidwa pa zifukwa zing'onozing'ono: inivoisi yopanda umboni woti katundu analandiridwa, chiwongoladzanja chimene sichinali m'pangano, kapena ngongole imene inali ya dailekitala payekha koma yalembedwa pa kampani. Alimi amene ankangolembedwa m'kope la kalaliki pamsika amavutika koposa, ndipo kwa iwo ndi bwino kusonkhana, kulemba mndandanda wa mayina, makilogalamu ndi masiku, ndi kupempha likwideta kuti aufananize ndi mabuku ogulira a kampani amene ali m'manja mwake. Akakana chikalata chanu, pemphani kuti akupatseni zifukwa zake polemba, ndipo muone msanga nthawi imene mwapatsidwa yokadandaula kukhothi, chifukwa imakhala yochepa ndipo kugawa ndalama sikudikira amene wachedwa.