Mutu wanga womaliza unali mkute

Mayi amene amandiyang'anira pa kafukufuku wanga anandibwezera mutu womaliza atalemba mawu amodzi okha m'mphepete: "Mkute." Nditapita kukawaona, anayala tsamba la mawu oyamba ndi la mawu omaliza pa tebulo, n'kunena kuti, "Tawerengani mokweza, kenako mundiuze pamene pasiyana." Ndinawerenga. Koyambirira ndinalemba kuti kafukufukuyu adzaona mmene mabanja amasungira chimanga m'matumba osalowa mpweya a PICS. Kumapeto ndinalemba kuti kafukufukuyu waona mmene mabanja amasungira chimanga m'matumba osalowa mpweya a PICS. Zinandiwawa, chifukwa anthu anasiya ntchito zawo kuti acheze nane, koma zimene anandiuza sizinkaoneka pa tsamba limeneli.

Mayi aja anandipatsa muyeso umodzi. Pa chiganizo chilichonse ndidzifunse ngati ndikanatha kuchilemba ndisanapite kumudzi. Ngati ndikanatha, malo ake si pano. Usiku umenewo ndinakhwatcha za kufunika kwa chimanga ku Malawi, za nankafumbwe, ndi zolinga zitatu zimene ndinangozikopera. Pa masamba awiri panatsala ndime imodzi.

Ndime yotsalayo ndiyo inali ndi nkhani. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Likamangidwa bwino mpweya sulowa, tizilombo timamaliza mpweya umene ulimo n'kufa popanda mankhwala. Mabanja amene anandidandaulira kuti chimanga chikufumbwabe anali aja amene amamasula thumba pafupipafupi kutapamo chopita nacho kuchigayo, ndipo pomanganso amangokulunga zonse zitatu ndi chingwe chimodzi. Ndikukumbukira agogo ena akundionetsa thumba lawo pakona ya chipinda, pulasitiki yamkati ili pululu, iwo akuti, "Mwanangu, manja angawa sangamange katatu tsiku lililonse."

Nditalembanso, ndinalumpha kwambiri. Ndinati boma ligawe matumbawa m'dziko lonse. Mayi aja anazunguliza chiganizocho nafunsa kuti, "Inu mwayenda midzi ingati?" Inali iwiri, yoyandikana. Komanso zimene ndinapeza sizinkakhudza kusowa kwa matumba, pakuti anthuwo anali nawo kale. Apa ndinaona kuti tanthauzo la zimene wapeza liyenera kutchula munthu weniweni, chinthu chimene angasinthe, ndiponso kuloza pa tebulo kapena ndime ya mutu wachinayi, wa zotsatira, pamene umboni wake uli. Ulendo wachitatu ndinalemba chonchi:

"Popeza kufumbwa kunatchulidwa kwambiri m'mabanja amene amamasula thumba kawirikawiri, alangizi a zaulimi a m'derali asamathere pa chionetsero cha tsiku lothira chimanga. Aonetsenso kamangidwe ka pulasitiki iliyonse payokha pambuyo potapa, ndipo alimbikitse mabanja kupatula chimanga chodya mwezi umenewo m'saka wamba kuti thumba la PICS lizikhala chimangire."

Mawu akuti "a m'derali" ndinawaika dala. Mawu akuti "kunatchulidwa" nawonso, chifukwa sindinayeze chimanga pa sikelo. Ndinangomva kwa eni ake ndi kuona ndi maso.

Gawo la kafukufuku wa m'tsogolo ndinali nditalilemba m'chiganizo chija aliyense amalemba, choti pakufunika kafukufuku wina pa nkhaniyi. Tsopano ndinatenga zofooka za ntchito yanga, chilichonse n'kuchisandutsa funso loti wina angalinyamule. Ndinapita kumudzi mu Ogasiti, patangotha miyezi yochepa anthu atakolola, pamene kuwonongeka kwenikweni kumaoneka cha mu Januwale ndi Febuluwale. Choncho ndinalemba kuti wobwera pambuyo panga atsatire matumba omwewo kuchokera pothira mpaka nyengo ya njala, azilemba kuti lililonse lamasulidwa kangati, ndipo aziwerenga maso ofumbwa pa muyeso wofanana.

Chofooka china ndi chimene chimandivutitsa mpaka pano. Chimanga chimayenera kuuma kufika pa chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti chisanamangidwe m'thumba losalowa mpweya, ndipo ine sindinayeze chinyezi. N'kutheka kuti zina zimene anthu ankati kuwonongeka zinachokera ku chimanga chothiridwa chisanaumitse, osati ku kumasula kokha. Ndinkaopa kuti ndikavomera zimenezi ndigwetsa ntchito yanga yonse. Mayi aja anati ndizilembe poyera, chifukwa woyesa mayeso akazitulukira yekha ndiye zidzandigwetsa.

Ndinachotsanso nkhani ya makoswe oboola matumba, ngakhale ndinkaikonda, poti sinali m'mutu wa zotsatira ndipo kumapeto si kobweretsera umboni watsopano. Mutuwo tsopano ndi tsamba limodzi ndi theka. Ndaupereka Lachiwiri, ndipo ndapempha kuti ndime ya alangizi ija ndiimasulire m'Chichewa kuti ndikawasiyire ndikapita kumudzi kuja.